Apongozi amunyambitsa uchi mwana wa miyezi inayi, nditani?

Make Tadala: Amayi ndi abambo a pa gulu lino, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga ali ndi miyezi inayi, wakhala ndi kachifuwa kuyambira Lachisanu. Dzulo ndikuchokera kumsika ndapeza apongozi anga akumunyambitsa uchi ndi chala, akuti ufewetsa pakhosi. Akuti Loweruka anamupatsanso kawiri ine ndikuchapa. Tsono ndikukumbukira kuti kusikelo anatiuzapo kuti uchi ayi mpaka mwana akwane chaka, koma chifukwa chake sindinachimve chifukwa tsiku limenelo mwana ankangolira. Ndi zoopsa? Ndithamangire kuchipatala kapena ndingokhala?

Make Mapasa: Iii, ife tonse tinakula ndi uchi womwewo. Amapasa anga ndinkawapaka m'nkhama akumera mano, pano ali Sitandade 5, akudya nsima ngati aganyu. Osadandaula asisi.

Ankolo a ku Joni: Nkhani yake ndi shuga basi. Uchi umatsekemera kwambiri, mwana akazolowera amakana bere, kenako mano amaola.

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Make Tadala, poyamba mtima ukhale pansi. Ana ambiri amene anyambitsidwa uchi sadwala, n'chifukwa chake a Make Mapasa akunena zoona za ana awo. Koma musamupatsenso, ngakhale kadontho. Ndifunseni zitatu. Akuyamwa mwamphamvu ngati kale? Wachita chimbudzi liti komaliza? Mukamunyamula, khosi akulilimbitsa ngati sabata yatha?

Make Tadala: Kuyamwa akuyamwa bwino, mpaka kundikoka. Chimbudzi wachita lero m'mawa. Khosi ali nalo lolimba, ndikamugoneka chafufumimba akudzutsa mutu n'kumayang'ana uku ndi uku.

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Ndiye pakadali pano palibe chothamangira usiku. Tsono ndifotokoze chimene timaletsera, chifukwa a Ankolo akhudza mbali yaing'ono chabe. Za mano ndi zoona, koma sitingaike malire a chaka chifukwa cha mano.

M'dothi ndi m'fumbi muli kachirombo kena kamene kamayambitsa matenda otchedwa botulizimu. Zinthu zikakavuta, kachiromboka kamadzitsekera m'kachikhokho kolimba n'kugona, ngati njere ya bonongwe imene imadikira mvula m'nthaka youma. Timbewu timeneti timapezeka mu uchi wina, osati wonse. Muuchimo timangogona, sitingamere, chifukwa uchi uli ndi madzi ochepa kwambiri komanso uli ndi asidi. Inu ndi ine tikatimeza, timadutsa m'matumbo n'kutuluka, chifukwa m'matumbo mwa munthu wamkulu muli kale tizirombo tabwino tambirimbiri tomwe tadzaza malo onse, mlendo sapeza pomera. Matumbo a khanda ali ngati munda wongolimidwa kumene, malo ndi mbwee. Kambewu kaja kamamera momwemo, n'kuswana, n'kuyamba kutulutsa poizoni. Poizoniyo ndiye amalowa m'magazi n'kukatseka pamene mtsempha wa uthenga umalamulira mnofu kuti ugwire ntchito.

Ndiye mvetsani, uchiwo ulibe poizoni. Poizoni amapangidwira m'mimba mwa mwanayo, patapita masiku. N'chifukwa chake mwana sasanza kapena kutupa pompopompo, ndipo agogo amati mwaona, palibe chachitika.

Abiti wa ku Mangochi: Masiku angati a Nesi? Chifukwa mwanena kuti pakadali pano.

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Kuyambira masiku atatu mpaka pafupifupi 30 chidyereni. Choncho Make Tadala muwerenge mwezi wathunthu kuchokera dzulo, diso lili pa mwana. Osati kusagona ayi, kungoyang'anira.

Kawirikawiri choyamba ndi kudzimbidwa, masiku atatu kapena kuposa osachita chimbudzi. Koma chimenechi pachokha chisakuthamangitseni, chifukwa mwana woyamwa bere lokha amatha kukhala masiku angapo osachita, ali bwinobwino. Chimene ine ndimaopa ndi kudzimbidwa kukabwera pamodzi ndi kufooka kumene kumayambira kumutu kutsikira kumunsi. Mwana amagwira bere n'kulisiya, mkaka n'kumatuluka m'mbali mwa kamwa. Kulira kwake kumachepa mphamvu, ngati kamphaka. Zikope zimagwa ngati ali ndi tulo nthawi zonse, nkhope imangoti duu osaseka, dovu limachucha chifukwa akulephera kumeza. Mukamukoka manja kuti akhale tsonga, mutu umatsalira m'mbuyo ngati wa mwana wa sabata imodzi. Thupi nthawi zambiri silitentha, ndipo pamenepa ndi pamene makolo amapusitsika, amati si malungo, angotopa. Kufookako kukafika pa minofu yopumira, mwana amafunika makina omuthandiza kupuma. Mukaona zizindikiro za kufookazi, chipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo mukafika munene nokha kuti anadya uchi tsiku lakuti.

Ankolo a ku Joni: Ndamva. Koma ngati nkhani ndi majeremusi, bwanji osangouwiritsa? Madzi a pachitsime timawiritsa n'kumwa. Thirani uchi m'phala likubwata, nkhani yatha.

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Ankolo, pa madzi mukunena zoona, pa timbewuti ayi. Madzi amabwata pa madigiri 100, ndipo timbewuti timapirira kutentha kumeneko kwa maola. Kuti tife pamafunika madigiri 121 kwa mphindi zosachepera zitatu, m'mapoto otsekedwa ndi mphamvu ya nthunzi, aja amaphikira zakudya za m'zitini ku fakitale. Mbaula yanu singafike pamenepo. Phala la uchi, tiyi wa uchi, sikono kapena bisiketi zophikidwa ndi uchi, zonsezi ayi kwa mwana wosakwana chaka.

Make Mapasa: Koma zoonadi zimenezi zinayamba liti? Agogo athu sanamvepo. Azungu amangobweretsa matenda atsopano chaka chilichonse.

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Matendawa mwa makanda anazindikiridwa mu 1976 ku Kaliforniya, ku Amereka. Sikuti anayamba chaka chimenecho, ndi pamene madokotala anawapatsa dzina atapeza kachiromboka m'chimbudzi cha ana olobodoka. Agogo athu mwana akalobodoka n'kusiya kuyamwa ankatchula zina, mwina liwombo, mwina tsempho. Ngakhale kuchipatala, mwana wotereyu amafanana kwambiri ndi wa matenda a m'magazi kapena oumitsa khosi, ndipo kuti mutsimikize pamafunika kuyeza chimbudzi ku labotale yapadera. N'chifukwa chake ndati munene nokha za uchiwo. Mankhwala ena a jakisoni amene timapereka kwa makanda odwalika, monga jentamaisini, amawonjezera kufooka kwa minofu ngati vuto lili botulizimu. Dokotala akadziwa msanga, amasankha mwanzeru.

Wanjuchi wa ku Rumphi: Ndalowa mochedwa, ndinali ku ming'oma. A Nesi, ine ndili ndi ming'oma 34, uchi wanga ndi weniweni, sindithira shuga kapena madzi ngati ena a m'mphepete mwa msewu. Mukati uchi uli ndi tizirombo, makasitomala anga amva kuti ndi wauve. Vuto si uchi wachinyengowo?

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Ayi bambo, ndipo pepani ngati zamveka choncho. Kwa munthu wa chaka kupita m'tsogolo uchi wanu ndi chakudya chabwino. Koma weniweni kapena wam'shopu wa chizindikiro chokongola, lamulo ndi limodzi. Wam'shopu amautenthetsa pang'ono kuti usaume msanga komanso usawire, kutentha kwake sikufika ngakhale pobwata. Ndikufunseni inuyo, njuchi zanu zimamwa madzi kuti?

Wanjuchi wa ku Rumphi: Haa, pamenepo mwandigwira. M'chilimwe zimatera m'matope a m'mbali mwa chitsime, pena pa khola la ng'ombe pomwe, zimakonda madzi amchere. Ndiye mungu umene zimabwera nawo m'miyendo, mu Okutobala maluwa onse amakhala fumbi lokhalokha. Komanso ndisaname, pofula timachita usiku ndi utsi, malesa timaponya m'ndowa ili pansi, mphepo ikuwomba. Kunyumba ndimasefa kawiri pa nsalu yoyera, tizidutswa ta phula ndi timiyendo ta njuchi timatsala.

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Nsaluyo imagwira zimene maso akuona. Timbewuti n'tochepa kuposa mungu womwe, timadutsa. Ndipo simungadziwe botolo lomwe lili nato, silisintha fungo, mtundu kapena kakomedwe.

Wanjuchi wa ku Rumphi: Ndiye ndilembe pa mabotolo. Mdzukulu wanga wa miyezi 8 amakwawira pomwe ndimasefera, amayi ake amamuika chala m'kamwa kuti atonthole. Lero kunyumba kukhala msonkhano.

Mnyamata wa ku koleji: Funso langa ndi lina pang'ono koma likugwirizana. Kodi sikuti amaletsa chifukwa uchi ndi chochokera ku nyama? Mkaka wa ng'ombe amaletsanso mpaka chaka. Ndiye ndimaganiza kuti mimba ya mwana siyitha zinthu za nyama, uchi ndi masanzi a njuchi paja.

Make Tadala: Masanzi?? Achimwene mwandinyansitsa, ndimamwera tiyi m'mawa uliwonse.

Wanjuchi wa ku Rumphi: Kkkk mnyamata, mawu amenewo usakanene pamsika ndili pomwepo. Si masanzi. Njuchi ili ndi kathumba kapadera patsogolo pa mimba yake yogayira chakudya, pakati pali kachitseko. Timadzi ta m'maluwa imatisunga m'kathumbako, sitinafike kogayidwa. Ikafika mumng'oma imapatsira inzake pakamwa, inzakeyo imatibweza ndi kutimeza kangapo ikuthiramo za m'malovu ake zimene zimaphwanya shuga. Kenako zimapaka m'zipinda za chisa n'kuyamba kukupiza mapiko. Mukaika khutu pa mng'oma usiku nthawi ya maluwa mumamva kulira kwa mapikowo ngati injini ili patali. Zikuumitsa. Timadzi ta m'maluwa timabwera tili ndi madzi ambiri, uchi wokhwima umatsala ndi madzi osakwana gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye zimamata ndi phula. Mukafula zisanamate, uchi umawira m'botolo n'kutulutsa thovu, chivindikiro mpaka kuphulika.

Tsono kuti ndi wa nyama kapena wa mtengo, ine ndimati ndi wa mtengo. Uchi wa m'nkhalango ya miombo umakhala wakuda, wa m'minda ya mpendadzuwa umakhala wowala ndipo umauma msanga, njuchi zake zomwezo. Njuchi ndi wantchito chabe. Ufa sutchedwa wa chigayo, umatchedwa wa chimanga.

NaBanda ku Mangalande: Bambo a njuchi fanizo lanu landikomera, koma kuno silingadutse pa bwalo la ndege. Malamulo a kuno amauika uchi m'gulu la zakudya zochokera ku nyama. Pochokera kumudzi nyama ndi mkaka saloleza n'komwe, uchi amalola mpaka makilogalamu 2 pa munthu, ndipo pa mndandanda wawo uli pamodzi ndi nkhono ndi miyendo ya achule. Ine chaka chatha ndinabwera ndi mabotolo awiri okulunga m'zitenje, ndinachita kuyeza pa sikelo ya kukhitchini ndisananyamuke.

Komanso chigayo sichithira malovu ake mu ufa. Njuchi imathira. Popanda za m'thupi mwake zija, mukanangokhala ndi madzi a shuga.

Wanjuchi wa ku Rumphi: Malovuwo ndi kadontho chabe mayi.

NaBanda ku Mangalande: Mchere mu ndiwo ndi kadonthonso. Mwana wanga wamkazi wa zaka 19 analowa gulu la mavigani, aja sadya chilichonse chochokera ku nyama. Bungwe lawo linayamba kuno mu 1944 ndipo uchi amaukana. Botolo limene ndinavutika nalo m'ndege lija sanalikhudze. Akuti njuchi zinapangira ana awo ndi chakudya cha nthawi yosowa maluwa, ife timalanda. Koma anzake amene amangosala nyama yokha, nkumadya mazira ndi mkaka, uchi amadya popanda vuto.

Wanjuchi wa ku Rumphi: Za kulandazo muuzeni mwana wanu kuti pali choona pang'ono. Ofula m'mphako za mitengo ndi moto amatenga zonse, ana a njuchi omwe, mtundu wonse n'kutha, pena nkhalango n'kupsa. Ine ndimatenga malesa omata okha, a ana ndimasiya, ndipo ndimasiyanso ena a uchi kuti zidye mu Juni ndi Julayi kukamazizira. Mukadyera dyera zimasamuka, mumapeza mng'oma uli ndi nyerere zokha. Koma kuti ndimapempha chilolezo kwa njuchi, ayi sindipempha, zimandiluma ndithu.

Abiti wa ku Mangochi: Kwa ife uchi ndi halali, palibe mkangano, ndipo timautenga ngati mankhwala. Koma nkhani ya a Nesi yandikhudza pena. Mwana akabadwa pali mwambo womupaka chotsekemera m'kamwa. Chenicheni chake ndi chipatso cha tende, koma poti tende sapezeka nthawi zonse, ena amagwiritsa uchi. Mwana wa mchemwali wanga anapakidwa uchi tsiku loyamba lenileni. Kakang'ono ngati kameneko nakonso?

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Nakonso Abiti. Timbewuti timaswana tikalowa, ndiye kuchepa kwa uchi sikuteteza. Ndipo ang'onoang'ono ndi amene ali pachiopsezo kwambiri, ambiri odwala amakhala osakwana miyezi 6. Za mwambo sindingalamule, kambiranani ndi a shehe, koma poti chenicheni ndi tende, uchi uchokepo. Ife a chipatala timafuna choyamba kulowa m'kamwa mwa mwana chikhale mkaka woyamba uja wachikasu.

Ndibwerere kwa achimwene a ku koleji, chifukwa funso lawo lasokonekera m'masanzi. Kaya uchi ndi wa nyama kaya wa maluwa, sichimene timaletsera. Kachiromboka si ka m'thupi mwa njuchi, ndi ka m'dothi. Mwana akakwana miyezi 6 timalimbikitsa dzira lophika bwino, usipa wosinja, chiwindi, nyama yopera m'phala. Zonsezo ndi za nyama. Mkaka wa ng'ombe nkhani yake ndi ina, sitifuna ulowe m'malo mwa bere chifukwa uli ndi ayironi wochepa ndipo umalemetsa impso za khanda. Musamange mtolo umodzi.

Mnyamata wa ku koleji: Ndamva a Nesi. Koma ngati kali m'fumbi, ndiye mwana wokwawa pabwalo amakameza tsiku lililonse. Kuletsa uchi kukuthandiza chiyani?

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Funso labwino, ndipo ndi zoona, ana ambiri amene anapezeka ndi matendawa sanadyepo uchi, anakatenga ku fumbi. Fumbi sitingalithawe, makamaka kuno kwathu. Uchi tingauthawe, ndipo khanda silitaya kanthu posaudya. Chaka chija si kuti pa tsiku lobadwa pamachitika zamatsenga, ndi malire oikidwa motalikirapo kuti matumbo akhale atadzaza tizirombo tabwino tija.

Make Mapasa: Ine ndiye ndasokonezeka. Ndili ndi wina wa miyezi iwiri kubere, ndimamwa uchi ndi ndimu. Ndiye ndamupatsira kudzera mu mkaka?

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Ayi, imwani. Timbewuto timathera m'matumbo mwanu, sitipita mu mkaka. Woyembekezera nayenso akhoza kudya. Chokhacho musambe m'manja mukagwira uchi, musapake uchi pa nsonga ya bere ikang'ambika, ndipo amapasa aja asamamunyambitse mng'ono wawo supuni.

Make Mapasa: Za kupaka m'nkhama zija ndiye ndinangopulumuka eti. Komabe ine ndikuona ngati mukuopseza kwambiri, mudzi wathu wonse palibe amene ndinamumva.

Ankolo a ku Joni: Amene sanapulumuke sali pa gulu lino kuti ayankhe, mayi.

Adimini: Ankolo pang'onopang'ono. Tibwerere kwa mwini funso.

Make Tadala: Zikomo nonse. Tsono chifuwacho ndichite nacho chiyani, poti apongozi andifunsa kuti wakana uchi, nanga mankhwala ako ndi ati?

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Pa miyezi inayi mankhwala ake ndi bere, pafupipafupi, popanda madzi, tiyi kapena mankhwala a chifuwa a m'golosale. Mphuno zikatsekeka mudonthezere timadzi ta mchere ta ku famase asanayamwe. Ndipo chitani ichi panopa: akagona phee, mutsegule pachifuwa, muyang'ane wotchi ya pa foni, muwerenge kupuma kwake mphindi imodzi yathunthu. Pa msinkhu wake, 50 kapena kuposa ndi kupuma mothamanga. Muonenso ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya. Chimodzi mwa ziwirizi, kapena thupi kutentha, kapena kukana bere, pitani lero lomwe, chingakhale chibayo. Kunena zoona chibayo ndimachiopa pa mwana wanu kuposa uchi wa dzulo uja.

Apongozi anu muwauzenso kuti sanalakwe zonse. Kwa mwana woposa chaka, theka la supuni yaing'ono ya uchi pogona imachepetsadi kutsokomola usiku. Angofulumira ndi miyezi 8.

Make Tadala: Ndawerenga kawiri, 42 ndi 44. Nthiti sizikulowa.

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Zili bwino. Muwerengenso madzulo ndi mawa.

NaBanda ku Mangalande: Koma nkhani yaikulu ndi apongoziwo. Musawauze nokha, mudzamva kuti mkamwana wa m'tauni akutiphunzitsa kulera. Atumeni bambo a mwana.

Abiti wa ku Mangochi: Amuna pa amayi awo amangoti ee ee, kenako n'kuthawira ku mpira. Bola kupita nawo kusikelo akamve okha kwa alangizi. Mawu omwewo akachokera kwa wa yunifolomu amalowa.

Make Tadala: Bambo ake ndawauza, akuti alankhula nawo akaweruka. Botolo ndalichotsa pa shelefu, ndalitsekera m'sutikesi. Koma apongozi anabwera nalo okha kuchokera ku Ntchisi ngati mphatso yanga ya uchembere, ndiye akalisowa ayamba kufunsa.

Wanjuchi wa ku Rumphi: Musabise mayi, muzidya inuyo iwo akuona, muziyamikira. Uchi suwonongeka mukautseka bwino. Ukauma n'kukhala ngati mchenga musataye, muike botolo m'madzi ofunda usungunuka. Wotsalawo Tadala adzaudya akadzakwana chaka.

Mnyamata wa ku koleji: Ndiye tagwirizana kuti ndi wa nyama kapena ayi?

Wanjuchi wa ku Rumphi: Wa mtengo.

NaBanda ku Mangalande: Mukanene zimenezo pa bwalo la ndege bambo, ine ndidzakudikirani panja.

Make Tadala: A Nesi, apongozi avomera kupita nane kusikelo Lachinayi. Koma akuti akafunsenso za madzi a mankhwala a liwombo amene anabwera nawo m'kabotolo kena. Kameneko sindinakadziwe n'komwe kuti kali m'nyumba muno.

NaPhiri wa ku wodi ya ana: Asamumwetse kufikira Lachinayilo. Kabotoloko mukanyamule, alangizi akakaone.